Khadi la madozi a ana pa wodi: makilo tiwagawe bwanji?

Sisitala wa wodi ya ana

Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndapatsidwa ntchito yotenga tsamba la mankhwala a ana m'buku lathu la madozi ndi kulisandutsa khadi limodzi loti tizipachika pa tebulo lopangira mankhwala. Bukulo limalemba chilichonse m'ma mg/kg, ndiye usiku nesi ali yekha ndi ana odzaza wodi amayenera kuchulukitsa, kugawa, kenako kupeza ma ml. Ndikufuna khadi loti munthu angoyang'ana makilo a mwana, aone zoti akoke mu sirinji, basi.

Ndayamba ndi mankhwala atatu amene timapereka kwambiri: parasitamo wa madzi, amokisisilini ndi jentamaisini. Makilo ndawagawa asanuasanu, 5 mpaka 10, 10 mpaka 15, 15 mpaka 20, ndipo dozi ndaiwerengera pa kilo ya pakati. Mwachitsanzo, parasitamo ndi 15 mg/kg, pakati pa 5 ndi 10 ndi 7.5, zatuluka 112.5 mg, ndakweza kufika 120 mg kuti ikhale 5 ml yeniyeni. Khadi likuoneka bwino, mizere ndi yochepa. Ndisanapite nalo kwa akuluakulu, alipo amene akuona vuto?

Kilinishani

Asisitala, mwachita bwino, koma bwanji osangogwiritsa ntchito zaka? Mayi aliyense amadziwa zaka za mwana wake, pamene sikelo nthawi zina yafa batire. Mabokosi ambiri a mankhwala amalembanso zaka.

Nesi wa ana osowa zakudya m'thupi

Zaka ayi, achimwene. Kwathu kuno mwana wa zaka ziwiri wolemera makilo 7 si wachilendo, ndipo bedi lotsatira pali mnzake wa zaka ziwiri zomwezo wolemera 12. Mukawapatsa dozi imodzi, wina mwamuonjezera kwambiri. Zaka zikhale zothandizira kuzindikira ngati sikelo yanama kapena wolemba wasokoneza, monga mwana wa miyezi 8 atalembedwa makilo 17 m'malo mwa 7. Koma mzere wa dozi uziyendera makilo. Batire likafa tigule batire.

Wa ku famase

Asisitala, maganizo a khadi ndi abwino, koma mmene lililimu musalipachike kaye. Vuto lili pa kuwerengera pa kilo ya pakati ndi kusiya pomwepo. Mwana wa pakati alibe vuto. Ovutika ndi a m'mphepete, woyamba ndi womaliza pa mzere uliwonse, ndipo ndi amene muyenera kuwayesa.

Titenge mzere wanu wa 5 mpaka 10. Mwalemba 120 mg. Mwana wa makilo 5 akalandira 120 mg ndiye kuti walandira 24 mg pa kilo iliyonse. Akamwa kanayi pa tsiku wafika 96 mg/kg, pamene dozi ya 15 mg/kg kanayi imathera pa 60. Tsiku limodzi mwina palibe chimene mungaone, koma mwana wotentha thupi masiku angapo, amene sakudya, chiwindi chake sichikhululuka zimenezo. Ku mbali inayo, mwana wa makilo 9.9 akulandira pafupifupi 12 mg/kg, zimene zili bwino. Ndiye mzere wanuwo ndi wolondola kwa ana a kumtunda kwake okha.

Njira imene ndimatsata ndi iyi. Musayambe ndi makilo, yambani ndi mankhwala. Funsani kuti mankhwala amenewa buku likulola kuyambira pati mpaka pati. Parasitamo ndi 10 mpaka 15 mg/kg pa dozi. Gawani wamkulu ndi wamng'ono, mupeza 1.5. Nambala imeneyo ndi imene ikukuuzani kutalika kwa mzere: kilo yomaliza isapitirire kilo yoyamba kuchulukitsa ndi 1.5. Mzere ukayamba pa 4 uthere pa 6. Ukayamba pa 8 uthere pa 12. Mzere wa 5 mpaka 10 ndi kuchulukitsa ndi 2, ndiye palibe dozi imodzi iliyonse imene ingakwanire ana onse a mumzerewo, ngakhale mutaiwerenga bwanji.

Muona pamenepa kuti mizere siikhala yofanana kutalika. Ya ana aang'ono imakhala yaifupi, ya akuluakulu yaitali. Kilo imodzi kwa mwana wa makilo 4 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a thupi lake lonse, pamene kwa wa makilo 20 si kanthu kwenikweni. Kugawa asanuasanu kumasangalatsa maso chabe.

Ndi botolo la 120 mg mu 5 ml, kutanthauza 24 mg mu ml iliyonse, ine ndingalembe chonchi:

```
kg        mg    ml     mg/kg
4 - <6    60    2.5    15 - 10
6 - <8    84    3.5    14 - 10.5
8 - <12   120   5      15 - 10
12 - <16  180   7.5    15 - 11.3
16 - <24  240   10     15 - 10
```

Danga lomalizalo si la pa khadi, ndi lanu ndi amene adzaunike ntchitoyi. Likuonetsa chimene mwana woyamba ndi womaliza akulandiradi. Onaninso mzere wachiwiri. Masamu amati 6 kuchulukitsa ndi 15 ndi 90 mg, yomwe ndi 3.75 ml, koma palibe amene angayeze 3.75 molondola pakati pa usiku. Ndatsitsa kufika 3.5 ml. Potsitsapo dozi yachepa, ndiye mzere sungafikenso pa makilo 9, chifukwa mwana wa 8.9 akanalandira 9.4 mg/kg. N'chifukwa chake ndaudula pa 8. Nthawi iliyonse mukasuntha nambala kuti igwirizane ndi sirinji, bwererani mukayesenso m'mphepete monse muwiri.

Sisitala wa wodi ya ana

Ndamva, ndipo ndayesa pa pepala, zikutulukadi choncho. Koma bambo, mwandionjezera mizere. Ndinali ndi itatu, tsopano ndi isanu, ndipo ndi mankhwala amodzi okha. Kodi amokisisilini ndi jentamaisini azitsatira mizere yomweyi?

Nesi wa usiku

Ndilowererepo pa 3.5 ml ija. Ife makapu ndi masupuni amene amabwera ndi mabotolo amakhala ndi 2.5 ndi 5 basi. Khadi likanena 3.5, munthu wotopa adzathira pakati penapake mongoyerekeza, kapena adzadzaza 5. Mwana wa makilo 6 akamwa 5 ml ndi 20 mg/kg. Akamwa 2.5 ml ndi 10 mg/kg, koma wa makilo 7.9 pa 2.5 ml yomweyo sakufika ngakhale 8. Ndiye ngati mzere umenewu ukhalepo, pambali pake palembedwe kuti yezani ndi sirinji yomwetsera, ndipo masirinjiwo azipezekadi m'dirowa. Khadi lisalamule chinthu chimene chida chake kulibe.

Wa ku famase

Zoona zenizeni achemwali, ndipo musanamalize khadi, asisitala, tengani masirinji amene muli nawo muone timizere take. Sirinji ya 2 ml nthawi zambiri timizere take timayenda ndi 0.1, ya 5 ml ndi 0.2, ya 1 ml ndi 0.01. Nambala iliyonse ya pa khadi izigwera pa kamzere kenikeni.

Pa funso lanu: ayi, mankhwala onse sangatsatire mizere imodzi. Amokisisilini ali ndi malo ambiri oyendamo. Malangizo a bungwe la WHO a 2014 a chibayo amapereka mapiritsi osungunuka a 250 mg kawiri pa tsiku motere: limodzi kwa mwana wa makilo 4 mpaka osafika 10, awiri kwa wa 10 mpaka osafika 14, atatu kwa wa 14 mpaka 19. Mzere woyambawo ndi wautali kwambiri, koma anaulola chifukwa mankhwalawa sapweteka msanga akapitirira pang'ono, komanso piritsi lathunthu ndi losavuta kupereka. Ngati buku lanu lili kale ndi mizere yovomerezeka ngati imeneyi, ikopereni momwe ilili, musapange yanu.

Msampha wa amokisisilini uli pena. Mabuku ena amalemba 40 mg/kg pa dozi, kawiri pa tsiku. Ena amalemba 80 mg/kg pa tsiku, yogawa pawiri. Ndi chinthu chimodzi, mwana wa makilo 10 amwe 400 mg m'mawa ndi 400 mg madzulo. Koma wokopera akatenga 80 ija n'kuiika m'danga la dozi, mwana uja amwa 800 mg kawiri. Tsamba limodzi la buku likhoza kusakaniza kalembedwe kuwiriku, mankhwala ena pa dozi, ena pa tsiku. Musanawerenge chilichonse, dutsani tsamba lonse ndi pensulo, pa mankhwala alionse mulembe kuti nambalayi ndi ya dozi kapena ya tsiku. Pa khadi pasaoneke nambala ya tsiku ngakhale imodzi. Pakhale ya dozi imodzi yokha, ndi kangati pa tsiku pambali pake.

Kilinishani

Chabwino, zaka ndazisiya. Koma jentamaisini musavutike naye. Kabuku ka m'thumba ka WHO ka 2013 kali kale ndi mizere, 3 mpaka 6, 6 mpaka 10, 10 mpaka 15 ndi kupitirira. Tengani yomweyo, muike dozi imodzi pa mzere uliwonse. 7.5 mg/kg kamodzi pa tsiku, mwana wa makilo 8 ndi 60 mg, 1.5 ml. Zatha.

Wa ku famase

Mizereyo ilipodi m'kabukumo, achimwene, ndipo masamu anu a mwana wa makilo 8 ndi olondola. Koma yesani 60 mg imeneyo m'mphepete. Mwana wa makilo 6 walandira 10 mg/kg, kupitirira ndi gawo limodzi mwa atatu. Wa makilo 9.9 walandira 6 ndi pang'ono. Jentamaisini si amokisisilini. Akachuluka amagunda impso ndi makutu, ndipo kugontha kwake nthawi zambiri sikuchira. Choipa china n'choti simungaone tsiku lomwelo. Mwana achira chibayo, atuluka, vuto la kumva lidzadziwika patsogolo pamene palibe amene akukumbukiranso za jakisoni. Mawodi ambiri sayezanso kuchuluka kwa mankhwalawa m'magazi, ndiye khadi ndi limene likuteteza.

Buku likapereka nambala imodzi yokha, 7.5, popanda kunena kuyambira pati mpaka pati, muyenera kugwirizana kuti mulola kuphonya ndi zingati. Ine ndimagwiritsa ntchito 10 pa 100 kumtunda ndi kumunsi, kutanthauza kuyambira 6.75 mpaka 8.25 mg/kg. Gawani ziwirizi mupeza 1.2 ndi pang'ono. Ndiye mzere wa 6 mpaka 7 ukuloledwa, koma wa 3 mpaka 4 ayi, chifukwa 4 kugawa ndi 3 ndi 1.33. Pansi pa makilo 5 mizere iyenera kuyenda ndi theka la kilo. Ndi kabotolo ka 80 mg mu 2 ml, komwe ndi 40 mg mu ml iliyonse, zikutuluka chonchi:

```
kg          mg    ml     mg/kg
3 - <3.5    24    0.6    8 - 6.9
3.5 - <4    28    0.7    8 - 7
4 - <4.5    32    0.8    8 - 7.1
4.5 - <5    36    0.9    8 - 7.2
5 - <6      40    1      8 - 6.7
6 - <7      48    1.2    8 - 6.9
7 - <8      56    1.4    8 - 7
8 - <9      64    1.6    8 - 7.1
```

Mzere wa 5 mpaka 6 ndi umene uli pa malire penipeni. Mwana wa makilo 5.9 akulandira 6.8, walowa movutikira. Amene akufuna akhoza kuugawa pawiri, 5 ndi 5.5. Ngati mukugwiritsa ntchito Excel, ikani kilo yoyamba mu A, yomaliza mu B, ma ml mu C, kenako makompyuta akuyesereni m'mphepete:

```
=C2*40/A2
=C2*40/B2
```

Dziwani kuti ndayamba ndi ma ml, osati ma mg. Chimene chimalowa mwa mwana ndi chimene nesi wakoka, ndiye kuyesa kuyambire pamenepo kubwerera m'mbuyo.

Dokotala wa ana

Ndawerenga zonse, ndipo njira ya m'mphepeteyi ndikugwirizana nayo. Pamene sindikugwirizana ndi bambo a ku famase ndi pa 8 mg/kg. Mzere uliwonse wa jentamaisini ukuyamba pamwamba pa 7.5. Kwa mwana wongodwala chibayo amene akukodza bwino, sindidandaula. Koma ambiri amene timawabaya jentamaisini amabwera atatha madzi m'thupi, ena ndi otupikana, ndipo makilo awo ena ndi madzi chabe. Ine ndingakonde kuti 7.5 ikhale denga, dozi iwerengedwe pa kilo yoyamba ya mzere ndi kutsitsa, osati kukweza.

Wa ku famase

Adokotala, tiyese. Mzere wa 6 mpaka 7: 6 kuchulukitsa ndi 7.5 ndi 45 mg, kutsitsa kufika pa kamzere ka sirinji ndi 1.1 ml, 44 mg. Mwana wa makilo 6 alandira 7.3, zili bwino. Wa makilo 6.9 alandira 6.4, wachepekedwa ndi pafupifupi 15 pa 100. Mankhwalawa amapha tizilombo bwino pamene mlingo wake m'magazi wakwera kwambiri akangobayidwa, n'chifukwa chake tinasiya kuwagawa katatu pa tsiku. Kuchepetsa kuli ndi mtengo wake. Ngati 7.5 ikhale denga, mizere ya theka la kilo ipitirire mpaka makilo 10, ndipo jentamaisini yekha adya theka la khadi.

Dokotala wa ana

Adye, ine ndilibe nazo vuto. Kapena achoke pa khadi lalikulu akhale ndi kakhadi kake m'dirowa momwe mumakhala timabotolo take. Koma ndivomereze kuti nkhaniyi si yoti ine ndi inu tiimalize pano. Komiti ya mankhwala ya chipatala chawo asisitala ndi imene isankhe, ndipo chimene asankhecho chilembedwe m'munsi mwa khadi kuti wobwera pambuyo adziwe chifukwa chake manambala ali choncho. Chimene sindingalole kusowa ndi mawu ochepa pansi pa dzina la mankhwalawa: mwana ngati sakukodza, musabaye, itanani wolemba mankhwala.

Nesi wa ku nesale

Pepani, ndaona mzere wa makilo 3 ndipo mtima wanga wagunda. Khanda la masiku anayi lolemera makilo 3 likugwera mumzere umenewo, koma dozi yake si 7.5. Sabata yoyamba ndi 5 mg/kg kwa wobadwa ndi sikelo yabwino, ndipo 3 mg/kg kwa wobadwa wochepa thupi. Wa makilo 3 uja ayenera kulandira 15 mg, khadi likuti 24. Makanda otere amafika ku wodi ya ana, makamaka obwera kuchokera kunyumba usiku. Khadi limayang'ana makilo okha, silidziwa kuti impso za mwanayu zili ndi masiku anayi.

Wa ku famase

Mwagwira pofunika, mayi. Asisitala, pamwamba penipeni pa khadi, ndi zilembo zazikulu kuposa mutu wake: si la mwana wosakwana mwezi umodzi. Makanda akhale ndi khadi lawo, pepala la mtundu wina, loyendera masiku ndi makilo pamodzi. Kumtundanso kukhale malire. Mzere womaliza ukatha palembedwe kuti woposa apa onani buku, kuti wina asapitirize kuchulukitsa yekha mpaka mwana wamkulu thupi alandire zoposa za munthu wamkulu.

Kilinishani wa chipatala china

Moni nonse, ndabwera mochedwa. Popeza mukukamba za makhadi, ndifunse langa. Tili ndi khadi la atesuneti wa mu mtsempha ndipo ndikuganiza kuti osindikiza analakwitsa. Mwana wa makilo 19 likuti 57 mg, wa makilo 20 likuti 48 mg. Wamkulu alandire zochepa bwanji? Ndimafuna ndikonze ndi cholembera.

Dokotala wa ana

Musakonze, achimwene, khadilo silinalakwe. Kuyambira mu malangizo a WHO a 2015, mwana wosafika makilo 20 amalandira 3 mg/kg, wa makilo 20 kupita m'tsogolo 2.4 mg/kg, chifukwa matupi a ana aang'ono amachotsa mankhwalawa msanga. Ndiye 19 kuchulukitsa ndi 3 ndi 57, 20 kuchulukitsa ndi 2.4 ndi 48. Dozi imatsikadi pamenepo, n'kudzafikanso 60 pa makilo 25. Funso lanu lawathandiza asisitala ngakhale si la mankhwala awo. Paliponse pamene lamulo likusintha pakati pa tebulo, pajambulidwe mzere wakuda wokhuthala ndi mawu oti apa dozi ikusintha. Kupanda kutero, munthu wanzeru ngati inu adzaona ngati cholakwika n'kukonza chinthu chimene chinali bwino.

Nesi wa usiku

Ine nkhawa yanga ndi danga la ma ml lenilenilo. Ndi limene timalifuna, komanso ndi limene lingatiphe. Kwathu kunabwerapo jentamaisini wa 20 mg mu 2 ml m'malo mwa wa 80 mg mu 2 ml, timabotolo tofanana kukula. Munthu wongotsatira ma ml a pa khadi akanabaya gawo limodzi mwa magawo anayi a dozi. Zitatembenuka, khadi lowerengera wa 20 koma m'dirowa muli wa 80, ndi kanayi kuposa. Parasitamo nayenso alipo wa 250 mg mu 5 ml, woposa kawiri wa 120 uja. Kodi si bwino kuika madanga awiri, lina la mphamvu iyi lina la inayo?

Wa ku famase

Ena amatero, koma ine sindikonda. Madanga awiri oyandikana, diso lotopa limatsetsereka n'kuwerenga la pambali. Ndimakonda danga limodzi, la mphamvu imene ili pa shelefu lero, ndipo mphamvuyo ilembedwe pamutu pa dangalo ndendende momwe yalembedwera pa kabotolo. Ngati kabotolo kakuti `80 mg/2 ml`, khadi linenenso `80 mg/2 ml`, osati `40 mg/ml` yokha, kuti nesi angofananitsa ndi maso osawerenganso. Danga la ma mg likhalebe pambali, chifukwa ndi limene limakumana ndi zimene wolemba mankhwala walemba pa fayilo. Khadi silikulowa m'malo mwa wolembayo. Fayilo ikati 48 mg, khadi likati 48 mg ndi 1.2 ml, bayani. Zikasiyana kwambiri, imani mufunse.

Udindo wina ndi wathu a ku famase. Tsiku limene tatulutsa mphamvu yachilendo, tiyenera kubwera ku wodi ndi kuchotsa khadi lakale ndi manja athu. Chidziwitso chongopachika pa bolodi sichikwanira.

Nesi wa usiku

Pamenepo ndiye ndikukayika, bambo. Katundu amafika Lachisanu madzulo, inu mwaweruka. Ine ndikadakondabe madanga awiri, lachiwirilo lotchingidwa ndi kapepala komata mpaka tsiku lofunika. Koma tiyeni tione zimene asisitala asankhe.

Sisitala wa wodi ya ana

Ndalembanso. Parasitamo mizere isanu ija. Amokisisilini ndakopera mizere ya m'buku lathu, ndipo ndapeza kuti tsambalo linalembadi nambala ya tsiku pa mankhwala ena awiri amene ndimafuna kuonjezera pambuyo pake. Jentamaisini ndamuika kuseri kwa khadi yekha, ndi matebulo onse awiri m'chikwatu changa, la bambo a ku famase ndi la adokotala, kuti komiti isankhe.

Kwatsala kakang'ono. Chizindikiro cha `<` anzanga ena pa wodi akuti chimawasokoneza, makamaka khadi likafotokopedwa n'kufufutika. Ndikalemba 6 mpaka 6.9 kenako 7 mpaka 7.9, nanga mwana amene sikelo ya makanda yati 6.95 apita kuti?

Dokotala wa ana

Lembani 6 mpaka 6.9, ndipo pansi muike lamulo limodzi: nambala yachiwiri pambuyo pa kadontho musaiwerenge. 6.95 ndi 6.9, akhale mumzere wa m'munsi. Chachikulu n'choti kilo imodzi isapezeke m'mizere iwiri, monga zinalili poyamba paja, 5 mpaka 10 kenako 10 mpaka 15, pamene mwana wa makilo 10 enieni anali ndi madozi awiri. Pa ma ml, lembani 0.6 osati .6, ndipo 1 osati 1.0. Kadontho kakafufutika, .6 imasanduka 6 ndipo 1.0 imasanduka 10. Mulifotokope kawiri katatu pa makina oipitsitsa amene muli nawo, muone ngati likuwerengekabe lopanda mitundu.

Wa ku famase

Pounika, musapereke khadi lanu kwa munthu kuti aone ngati lili bwino, adzangogwedeza mutu pa manambala anu. Mupatseni buku, kabotolo ndi tebulo lopanda kanthu, adzaze yekha, kenako mufananitse mzere ndi mzere. M'munsi mulembe dzina la buku ndi chaka chake, tsiku limene khadi lapangidwa, amene aunika, ndi tsiku lodzaunikanso.

Nesi wa ana osowa zakudya m'thupi

Funso la adokotala la ana otupikana silinayankhidwe. Mwana wotupa miyendo ndi nkhope, sikelo ikuti makilo 9, tonse tikudziwa kuti ena ndi madzi, ndipo pakatha sabata adzakhala 8 kapena kucheperapo. Pa khadi timuike mzere wa 9, kapena titsike umodzi? Kwathu ena amatsika, ena ayi, ndipo palibe pamene zinalembedwa.

Dokotala wa ana

Pa parasitamo ndi amokisisilini mizere ndi yotakata, kawirikawiri mwanayo sasuntha n'komwe. Pa jentamaisini ine sindingafune kuti nesi asankhe yekha potsika. Asisitala, onjezani pa mawu aja a mwana wosakodza kuti wotupikananso dozi yake alembe wolemba mankhwala ataona mwanayo, ndipo ayezedwenso sikelo kutupa kukamaphwa. Ngati komiti ili ndi lamulo la makilo oti tizichotsera, alibweretse ndi buku limene alitengamo.

Sisitala wa wodi ya ana

Ndaonjeza. Achemwali a usiku, tebulo lopanda kanthu lija ndikusiyirani mu dirowa ya mankhwala pamodzi ndi buku, mudzaze osayang'ana langa. Za madanga awiri ndikazitula ku komiti momwe mwazinenera, pamodzi ndi funso la amene azichotsa khadi katundu akafika Lachisanu madzulo.